Kagalasi ka a Constância

A Laurindo anabadwira ku Majaua, m'banja la alimi a chinangwa ndi nyemba, koma khasu silinawakhalitse m'manja. Ali mnyamata, ansembe anawatumiza ku Quelimane kukasesa m'chipinda choyezera matenda cha pachipatala. Kumeneko dotolo wina wokalamba anaona kuti manja a wosesayo sanjenjemera, ndipo anamulanda tsache n'kumupatsa mpeni.

Ntchito imene anaphunzira inali yosadziwika kwa anthu ambiri. Dotolo akadula kanyama m'thupi la wodwala kuti adziwe chimene chikumudya, ankapereka kanyamako kwa a Laurindo. Iwo ankakaviika mu mankhwala oumitsa, n'kukachotsa madzi ndi mowa wa m'chipatala, n'kukakwirira mu phula. Phulalo likalimba ankalimanga pa makina okhala ndi mpeni wakuthwa, n'kumasenga tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi. Ankayandamitsa kachidutswa pa madzi ofunda kuti katambasuke, n'kukawola ndi kagalasi kotalika ngati chala, n'kusungunula phula lija. Pamenepo kanyamako kankakhala kopanda mtundu, moti ngakhale pa maikulosikopu, makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, sukanaona kanthu. Mpaka utoto.

Utoto unali wa mitundu iwiri. Woyamba, hematokisilina, umachokera ku mtengo wina wa kutsidya la nyanja. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo pafupifupi selo lililonse lili ndi njere pakati. Hematokisilina amathamangira njerezo. Poyamba amazisiya zofiirira, koma ukatsuka kagalasiko m'madzi oyenda, zimasanduka zabuluu wodera ngati khungu la biringanya. Wachiwiri, eozina, amagwira zotsala: mnofu wa selo wozungulira njere, minyewa, ndi ulusi umene umamanga thupi. Zonsezi amazipatsa mtundu wa m'kati mwa gwafa wakupsa, ndipo maselo a magazi amawafiiritsa kwambiri. Mafuta okha sagwira utoto, chifukwa amasungunuka kale mu mankhwala aja, n'kusiya timabowo toyera.

Dziko litalandira ufulu, a Laurindo anabwerera kwawo. Anakagwira ntchito pa kachipatala kena kakale ka mishoni, chapatali pang'ono ndi tauni ya Milange, pamene masisitere anasiya makina osengera ndi maikulosikopu ya kalilole, younikira ndi dzuwa. Anali atakwatira a Constância, mayi wa Chilomwe wogulitsa nyemba pamsika, wakamwa losatopa. Mwana sanakhale naye. Anthu ankanena zambiri, koma awiriwo ankangokhala.

"Amuna anzanu amabwera kunyumba ndi nsomba," ankatero a Constância poona zala za amuna awo, "inu mumabwera ndi zikhadabo zofiira ngati mkazi wa m'tauni. Kodi akukwatirani ndani kumeneko?"

"Ndakwatiwa ndi eozina, mayi. Sachita nsanje."

"Muuzeni akuphikireni."

Lamulo la ntchito yawo linali limodzi: wosenga amasenga ndi kupaka utoto, wonena matenda ndi dotolo. Choncho magalasi ankatumizidwa ku mzinda, yankho n'kubwera patapita mwezi. Koma maso a munthu amene wayang'ana magalasi zaka makumi awiri sangakhale osadziwa. A Laurindo ankatha kunyamula kagalasi, kukaloza kuthambo, n'kunena kuti aka ndi khungu, aka ndi chiwindi, asanakaike n'komwe pa maikulosikopu. Ankati wothamangira diso lalikulu la makinawo amasochera ngati munthu wofuna kudziwa mudzi poyang'ana udzu wa denga limodzi. Uyambe ndi diso lako, uone maonekedwe ndi mtundu. Kenako diso laling'ono la makina, uone kamangidwe. Diso lalikulu likhale lomaliza.

Nkhondo inafika pang'onopang'ono, monga chinyezi chimakwerera khoma. Msewu wa ku Mocuba unayamba kudya anthu. Magalimoto anasiya kuyenda okha, n'kumayenda pa kolona, mdipiti wa malole operekezedwa ndi asilikali, umene unkabwera pamene wafunira. Magalasi anasiya kupita ku mzinda, n'kumangodikira m'bokosi lathabwa lokhala ndi timipata.

Dzina la wodwala linkalembedwa pa galasi lenilenilo ndi cholembera cha nsonga ya dayamondi, chimene chimakanda galasi, ndipo chokandidwacho sichifufutika. Koma cholemberacho chinatayika tsiku lina anthu akuthawira kutchire. A Laurindo sanadandaule kwambiri. Ankadula timapepala, kulembapo dzina ndi tsiku, n'kumata pa kagalasi utoto ukauma. Guluu atatha, anaphika kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa, monga ankachitira aphunzitsi pomata mapepala pakhoma la sukulu. Kanagwira bwino ndithu, ndipo iwo anadzitama m'mtima.

M'chaka cha 1986, mvula ili pakati, a Constância anayamba kusiya chakudya m'mbale. Ankati chikuima pachifuwa. Nsalu inayamba kuwazungulira kawiri, ndipo m'munsi mwa khosi, chakumanzere, munatuluka mwanabele wolimba wosapweteka. Dotolo amene analipo nthawi imeneyo anadula mwanabeleyo, sabata lomwelo limene anadulanso wa a Paulino, bambo wa ana asanu amene ankanyamula katundu wa amalonda pa malire a Muloza.

A Laurindo anasenga wa akazi awo ndi manja awo. Tsiku limenelo mpeni unali ndi kachibenthu, pakuti dzulo lake unakumana ndi kanthu kolimba m'nyama ina. Tsiku lina lililonse akanayamba anola. Koma mtima unali patsogolo, ndipo anazindikira kachidutswa kali kale pa madzi ofunda: mzere woongoka unadutsa pakati pake, kuchokera kumwamba kufika pansi. Anachita manyazi, koma kanyamako kanali kochepa, ndipo sanafune kukawononga posenganso. Anapaka utoto, anaphimba, anamata dzina. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anaika kagalasi m'bokosi osakayang'ana pa maikulosikopu. M'mawa mwake ananola mpeni mpaka unawala, n'kusenga wa a Paulino.

Dotolo uja anachoka ndi kolona ya mwezi wotsatira ndipo sanabwerenso. Kenako amfuti analowa pachipatalapo dzuwa likuswa mtengo. Anamwa mowa wa m'chipinda choyezera, anataya utoto pansi poufunafuna wina, ndipo tizibuma ta phula tosunga nyama za odwala anatitenga kuti akapange makandulo. Bokosi la magalasi analisiya, chifukwa galasi silidyedwa. A Laurindo analibisa kudenga la nyumba yawo, pakati pa udzu ndi mtanda, ndipo linakhala kumeneko miyezi isanu.

Miyezi imeneyo a Constância anasiya msika. Anachoka pa chakudya cholimba n'kufika pa phala, kuchoka pa phala n'kufika pa phala lamadzi. A Laurindo ankadziuza kuti ndi chifuwa chachikulu chimene chakhala m'khosi, pakuti nachonso chimaonda munthu ndi kutupitsa mwanabele, ndipo chili ndi mankhwala. Ankadziuza zimenezi m'mawa uliwonse popita kukatunga madzi, ntchito imene tsopano inali yawo.

M'mwezi wa Ogasiti kolona inafika, ndipo m'lole imodzi munatsika dotolo wamkazi, a Felizarda, wamng'ono thupi, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anali ataphunzirako kuwerenga magalasi ku mzinda. Anabwera ndi katoni imodzi ya jakisoni ndi mapiritsi a chifuwa chachikulu, ndipo khonde lonse la chipatala linadzaza anthu otsokomola.

"Mankhwalawa ndi a anthu khumi," anatero a Felizarda kwa a Laurindo. "Asanu ndi anayi ndawapeza kale, makhololo awo ndi magazi okhaokha. Atsala a munthu mmodzi. Akuti muli ndi magalasi a anthu otupa m'khosi?"

"Alipo, a dotora. Awiri."

"Kolona inyamuka dzuwa likafika pamutu, ndipo asilikali sadikira dotolo. Thamangani."

A Laurindo anathamanga ngati mnyamata. Anatsitsa bokosi kudenga, anabwerera nalo wefuwefu, analiika pathebulo pafupi ndi zenera, n'kutsegula.

Mphemvu zinabalalika m'manja mwawo. Zinali zitadya phala la chinangwa lija, pamodzi ndi mapepala ake. Magalasi makumi anayi ndi atatu anali ndondondo m'timipata tawo, oyera bwino, opanda dzina ngakhale limodzi. Pansi pa bokosi panali tinyenyeswa ta pepala ndi zitosi zakuda. Ndipo pothawa nalo bokosilo tsiku la amfuti lija, magalasi anakhutukira pansalu n'kubwezedwa mosasamala, moti ngakhale malo ake sakanathandiza.

A Felizarda anayang'ana m'bokosimo, n'kuyang'ana bambo wa imvi amene anaima manja ali lende.

"Munamata ndi chiyani?"

"Ndi chinangwa."

"Chinangwa." Anapuma mozama. "Bambo, ine sindingayang'ane magalasi makumi anayi. Nthawi imeneyo ndilibe."

"Simuyang'ana makumi anayi. Ndipatseni pepala loyera."

Anayala pepalalo padzuwa la pazenera, n'kuyamba kutola magalasi limodzilimodzi, kuligoneka papepala kamphindi, n'kuliika kumbali. Pakamwa pankangoyankhula pokha.

"Ili lofiirira lonse, la mizeremizere, njere zochepa: mnofu. Ili loyera ngati ukonde, utoto wangogwira m'mphepete mwa timabowo: chotupa cha mafuta. Ili lili ndi kamzere kodera m'mbali imodzi, pansi pake pofiirira: khungu. Khungu linanso. Ili lozungulira, la bowo pakati: kathumbo. Tizidutswa tambirimbiri tosakanikira ndi magazi: zokokola m'chiberekero."

Limodzi linawakayikitsa. Analiika pa maikulosikopu, anapendeketsa kalilole kuti kagwire dzuwa, anayang'ana ndi diso laling'ono kanthawi kopuma kamodzi.

"Timaiwe tozungulira todzaza zofiirira zosalala, tozingidwa ndi mkanda wa njere. Chithokomiro." Analiika kumbali.

A Felizarda anali atasiya kuyang'ana panja. "Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Chooneka ngati nyemba, chabuluu. Mwanabele ndi maselo ang'onoang'ono othithikana, njere yokhayokha, mnofu pang'ono. Amamwa hematokisilina kuposa nyama ina iliyonse m'bokosi muno."

Mulu wa kumbali unakula. Dzuwa lisanasunthe chikhato chimodzi pathebulo, papepala panatsala magalasi awiri. Onse anali ngati nyemba yodulidwa pakati, onse abuluu m'mphepete, onse a mawanga otuwa mofiirira m'kati, pamene matenda analowa.

A Felizarda anakhala pampando n'kuika loyamba. Anayang'ana ndi diso laling'ono, kenako lalikulu.

"Bwerani muone. Ndinu mwasenga."

A Laurindo anawerama. Pakati panali dambo lofiirira lopanda njere ngakhale imodzi, nyama yakufa yonyenyeka. Molizungulira munali maselo otuwa, ndipo apa ndi apo selo lalikulu kwambiri, njere zake zambiri zitandandalika m'mphepete ngati anthu okhala mozungulira bwalo.

"Chifuwa chachikulu," anatero a Felizarda. "Mwini wake wa ili achira akalandira mankhwala." Anachotsa, n'kuika lachiwiri. Apa anakhalitsa. Kenako anadzuka n'kuwasiyira mpando.

M'kati mwa nyanja ya timaselo tabuluu munali zisa za maselo achilendo, akuluakulu, njere zake zakuda, zosalingana, zina zili pakati pogawanika. Pakati pa zisa zina panali timibulu tofiira kwambiri, tokulungana ngati anyezi wodulidwa. A Laurindo anali atazionapo kambirimbiri ku Quelimane. Maselo otere kwawo si mu mwanabele. Amachokera kwina, kummero kapena kwina kotero, ndipo akafika m'khosi ndiye kuti ayenda kale ulendo wautali. Inali khansa.

Ndipo pakati pa zonsezo, kuchokera kumwamba kufika pansi, panadutsa mzere woongoka wa mpeni wobenthuka.

Anakhala chiweramire. Kunja lole ina inaliza injini, ndipo msilikali ankakalipira anthu kuti achoke kumatayala.

"Utoto watiuza nyama ndi matenda," anatero a Felizarda, "koma sutiuza mwini wake. Anthu awiriwa ndani?"

"Wina ndi a Paulino, ali panjapo. Wa malaya a thumba la shuga."

"Winayo?"

"Akazi anga."

A Felizarda analoza magalasi awiriwo. "Ndiye lawo ndi liti? Pali chimene mukukumbuka? Kukula kwake, kadulidwe kake? Ngati simukudziwa, ndiwaona onse awiri ndi manja, koma manja amanama, ndipo nthawi yatha. Mukandiuza inu, ndikhulupirira."

A Laurindo anadzutsa mutu n'kuyang'ana pazenera. A Constância anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene anawasiya m'mawa atawabereka kuchokera kunyumba, mutu atautsamiritsa pa tsinde. Chapafupi, a Paulino anakhala pa njerwa, khosi lili lokulunga ndi kansalu, akuthamangitsa ntchentche ndi chipewa. Palibe munthu wina padziko lonse amene ankadziwa za mpeni uja. Akanangoloza galasi loyamba, katoni ikanatsegulidwa, ndipo madzulo omwewo akanabaya akazi awo jakisoni woyamba. Akanakhala ndi chochita m'mawa uliwonse kwa miyezi ingapo. Akanakhala ndi chowauza.

Koma anali ataona anyezi wofiira uja ndi diso lawo. Jakisoni akanangoboola khungu louma pachabe, ndipo a Paulino akanabwerera ku ana awo asanu ndi khosi lawo.

"La mzerelo," anatero. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. "La mzerelo ndi la kunyumba kwanga. Sindinanole mpeni tsiku limenelo."

"Mukutsimikiza?"

"Ndinasenga magalasi ambiri m'moyo wanga, a dotora. Loipa chotero ndi limodzi."

A Felizarda anatuluka, anakagwada pansi pa mango paja, anagwira khosi la a Constância, n'kuwafunsa za kamezedwe. Atabwerera anangogwedeza mutu. Analemba dzina la a Paulino pa katoni, anaonetsa a Laurindo kabayidwe ndi kamwedwe kake, n'kuwasiyira m'manja timapiritsi khumi ndi tiwiri toletsa ululu, tokulunga m'pepala.

"Ndilibe china. Ngakhale kumzinda sakanachita kanthu, pafika apa. Pepani, bambo."

Kolona inanyamuka, fumbi linatsika, ndipo anthu anayamba kubalalika. A Laurindo anapita pansi pa mango, n'kukhala pansi pafupi ndi akazi awo.

"Mwandipeza m'bokosi lanu lija?" anafunsa a Constância. Mawu awo anali atasasa.

"Ndakupezani."

"Akuti mphemvu zadya maina. Mudzi wonse wamva. Munthu wophunzira ku Quelimane, kuphikira mphemvu phala." Anayesa kuseka, koma kunasanduka kutsokomola. "Ndiye mwandidziwa bwanji?"

"Ndinakusengani moipa, mayi. Pali chipsera."

"Ha! Anthu a eni mumawasenga bwino, ine mwandisenga ngati chinangwa cha nkhumba." Anapuma. Maso awo anatsatira a Paulino, amene ankadutsa atakumbatira katoni ngati khanda. "Mankhwala apita uko."

"Apita uko."

"Akanandithandiza?"

"Iyayi."

A Constância anayang'ana zala za amuna awo. Zinali zoyera, pakuti utoto unatha kalekale.

"Chabwino. Ndiberekeni, tizipita. Nyerere zikundiluma pano."

Anakhala masabata asanu. M'mawa uliwonse a Laurindo ankapita kukabaya a Paulino jakisoni, n'kubwerera kudzadonthezera akazi awo madzi a mpunga ndi kasupuni. Timapiritsi tija anatidula pakati kuti tikhalitse, koma tinatha. Masiku otsiriza ngakhale madzi ankabwerera. A Constância anamwalira m'mawa wina wa Seputembala, nkhuku zikutuluka m'khola, mfuti zikumveka chakum'mawa.

Amuna otsala m'mudzimo anali ochepa, moti a Laurindo anakumba nawo manda, chinthu chimene mwamuna wa malemu sachita. A Paulino analipo, khosi litayamba kuphwa, akukumba osayang'ana munthu kumaso. Khasu la a Laurindo linagunda mwala woyera wonyezimira, wa mtundu umene uli mbwee m'minda yonse ya kumeneko, umene ana amaponyera mbalame. Unasweka, n'kusiya kachidutswa kansonga. Anakatola kuti akataye kunja kwa dzenje, koma anaima nako m'manja.

Atabwerera kumanda anatulutsa kagalasi ka mzere kaja, n'kukanda pakona pake ndi kamwalako. Kanalira pang'ono, ndipo pagalasipo panatsala mzere woyera wosafufutika, wofanana ndi wa cholembera cha dayamondi chija. Mwala umenewu unali pakhomo pawo, pakhomo pa chipatala, m'njira yonse imene ankayenda tsiku ndi tsiku akuphika phala la chinangwa. Sukanachiritsa munthu. Koma dzina likanakhalapo, dotolo akanawerenga yekha, ndipo sipakanafunika kuti pakamwa pa mwamuna patuluke mawu olanda mkazi wake mankhwala. Analemba pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo: Constância.

Patangopita masiku ochepa tauni ya Milange inagwa, ndipo anthu onse anakhamukira ku malire a Muloza, mitolo pamutu, mbuzi pachingwe. A Laurindo anasiya makina osengera, anasiya maikulosikopu, anasiya bokosi ndi magalasi ake opanda maina. Anawoloka ndi kagalasi kamodzi m'thumba la malaya, kokulunga m'kansalu ka malemu.

Ku msasa wa othawa nkhondo anawapempha kuti athandize pa chipatala, atamva za ntchito yawo. Anapita tsiku limodzi, koma manja amene dotolo wa ku Quelimane anawasirira aja anali atayamba kunjenjemera, moti anagwetsa botolo. Sanabwererenso. Amene anakhala nawo kumeneko amawakumbuka atakhala kuseri kwa chisakasa chawo dzuwa likakwera, ataloza kagalasi kuthambo, diso limodzi lotsinzina. Munthu akawafunsa chimene akuona, ankamupatsa kuti aone yekha. Ndipo iye ankangoona kanthu konga nyemba, kabuluu m'mphepete, kofiirira m'kati, ndi kamzere kodutsa pakati.